Madzi amawira pa madigiri angati? Yambani mwafunsa za pulesha

Tonse tinaloweza kusukulu kuti ayisi amasungunuka pa 0 °C ndipo madzi amawira pa 100 °C. Nambala yoyambayo imagwira ntchito pafupifupi paliponse pamene pamakhala anthu, koma yachiwiriyo ndi yoona pokhapokha mpweya ukamapanikiza madziwo ndi mphamvu ya 101.3 kPa, monga zimakhalira m'mbali mwa nyanja zamchere. Akatswiri ali ndi chithunzi chimodzi chimene chimaonetsa mmene madzi amakhalira pa pulesha iliyonse ndi pa kutentha kulikonse, ndipo amene wadziwa kuchiwerenga amapeza yekha nambala zimene sanalowezepo.

Kodi chithunzichi chimaonetsa chiyani kwenikweni?

Chili ngati mapu a maboma atatu ochitirana malire. Mzere wam'munsi, wopingasa, umaonetsa kutentha: kumanzere n'kozizira, kumanja n'kotentha. Mzere wam'mbali, woimirira, umaonetsa pulesha: pansi ndi yochepa, pamwamba ndi yaikulu. Dontho lililonse limene mungaike papepalapo likuimira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kutentha kwakuti ndi pulesha yakuti, ndipo chigawo chimene donthalo lagweramo chimakuuzani mmene madzi akhalire akakhazikika pamenepo. Chigawo chakumanzere ndi cha ayisi. Chapakati chakumtunda ndi cha madzi amene timamwawa. Cham'munsi, chimene chimatambasukira kumanja, ndi cha nthunzi.

Nkhani yaikulu ili pa malire. Pali mizere itatu. Wolekanitsa ayisi ndi madzi ndi mzere wa kusungunuka, ndipo umaoneka ngati waima chilili. Wolekanitsa madzi ndi nthunzi ndi mzere wa kuwira, umene umakwera mokhota kulowera kumanja. Wachitatu uli m'munsi kumanzere, pamene ayisi amachita malire ndi nthunzi popanda madzi pakati. Dontho likagwera pamzere penipeni, zigawo ziwirizo zimakhala pamodzi osagonjetsana: ayisi amayandama m'madzi osakula komanso osatha, kapena madzi ndi nthunzi yake zimakhala m'chiwiya chimodzi. N'chifukwa chake pofuna kudziwa pamene madzi amawira, sitifufuza m'kati mwa chigawo. Timafufuza pamene njira yathu yadula malire.

Ndiyambire pati ndikafuna kupeza pamene madzi akusungunukira ndi pamene akuwirira?

Yambirani pa pulesha nthawi zonse. Tengani lula ndi pensulo, pezani pulesha imene mwapatsidwa pamzere wam'mbali, kenako jambulani mzere wopingasa kuchokera pamenepo mpaka kumapeto kwa pepala. Mzere wanuwo ukuimira madzi amene akutenthetsedwa pang'onopang'ono pulesha isakusintha, monga zimakhalira mumphika wosavundikira.

Tiyese ndi 101.3 kPa. Pensulo ikuyambira kumanzere, tinene pa −20 °C, m'chigawo cha ayisi. Ikuyenda mpaka kugunda mzere woimirira uja. Imani pamenepo, tembenuzani lula, tsitsani mzere wolunjika pansi: mwafika pa 0 °C. Apa m'pamene ayisi amasungunukira, ndipo m'pamenenso madzi amaundanira, popeza malire ndi amodzi omwewo kaya mukuchokera kumanzere kapena kumanja. Bwererani pamzere wanu wopingasa, pitirizani kudutsa chigawo chonse cha madzi mpaka mugunde mzere wokhota. Tsitsaninso lula: 100 °C.

Tsopano chitani zomwezo pa 70 kPa. Mzere wa kusungunuka muudula pamalo amene diso silingawasiyanitse ndi 0 °C. Koma mzere wokhota mukumana nawo msanga, pa 90 °C. Mukakwera pa 200 kPa, kusungunuka kudakali pa 0 °C pomwe paja, pamene kuwira kwathawira pa 120 °C. Mizere itatu yopingasayi yakuonetsani kale khalidwe la chithunzi chonse: pulesha ikasintha pang'ono, kuwira kumasuntha kwambiri, koma kusungunuka sikutekeseka.

Njirayi imayendanso chobwerera. Ngati funso likuti, pa pulesha yanji madzi angawire pa 50 °C, yambirani pansi pa 50, kwerani mpaka mugunde mzere wokhota, kenako pitani kumanzere. Mupeza pafupifupi 12 kPa.

N'chifukwa chiyani kuwira kumatsatira pulesha chomwechi?

Kuwira n'kupangika kwa matuza a nthunzi m'kati mwa madzi. Thuza lililonse limakankhira kunja, ndipo mpweya umene uli pamwamba pa madzi, pamodzi ndi madziwo, umalifinyira m'kati. Likakhala lofooka limaphwa lisanakule. Mphamvu imene nthunzi imakankha nayo imadalira kutentha basi, ndipo imakula msanga: pa 20 °C ndi 2.3 kPa, pa 60 °C ndi pafupifupi 20 kPa, pa 80 °C ndi 47 kPa, ndipo pa 100 °C imafika pa 101 kPa. Madzi amawira pamene mphamvu ya nthunziyi yafanana ndi pulesha yakunja. Choncho mzere wokhota uja kwenikweni ndi mndandanda wa nambala zimenezi utajambulidwa papepala.

Onani mmene nambalazo zikukwerera. Kuchoka pa 20 kufika pa 60 °C zawonjezeka ndi 18 kPa yokha, koma kuchoka pa 80 kufika pa 100 °C zawonjezeka ndi 54 kPa. Kukwera kosafanana kumeneku ndiko kumakhotetsa mzerewo, ndipo kumatanthauza kuti simungatenge lamulo la pamalo amodzi n'kuligwiritsa ntchito ponseponse. Pafupi ndi 100 °C, digiri imodzi imafuna kusintha kwa 3.6 kPa. Pafupi ndi 180 °C, pamene pulesha ili cha m'ma 1,000 kPa, digiri imodzi imafuna kuposa 20 kPa.

Kodi ku Lilongwe madzi amawira pa madigiri angati?

Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamenepo mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya 89 kPa kapena kuposerapo pang'ono, kutengera nyengo ya tsikulo. Jambulani mzere wopingasa pa 89 kPa ndipo mudula mzere wa kuwira pakati pa 96 ndi 97 °C. Wophunzira amene waviika choyezera kutentha m'madzi obwata ku Lilongwe n'kupeza 96.5 °C asachinyoze chipangizocho kapena kulemba 100 m'kope pofuna kusangalatsa aphunzitsi. Chawerenga zoona.

Nanga ngati chithunzi chanu n'chaching'ono moti 89 simungaione? Gwiritsani ntchito madontho awiri oyandikana amene mukuwadziwa. Pa 70.1 kPa madzi amawira pa 90 °C, ndipo pa 101.3 kPa amawira pa 100 °C. Pakati pa mapulesha awiriwa pali 31.2 kPa. Kuchoka pa 70.1 kufika pa 89 pali 18.9 kPa, ndipo 18.9 ÷ 31.2 ndi pafupifupi 0.61. Choncho mwayenda magawo 6 mwa magawo 10, ndipo yankho ndi 96.1 °C. Mabuku a nambala za nthunzi amapereka 96.4 °C. Kusiyana kwa 0.3 kwabwera chifukwa mwalumikiza madontho awiri ndi mzere wowongoka pamene mzere weniweni ndi wokhota. Pa mtunda waufupi ngati uwu cholakwikacho n'chopiririka. Mutayesa kuchita zomwezi pakati pa 20 ndi 100 °C, 89 kPa ingakupatseni 90 °C, ndipo mwaphonya ndi madigiri oposa 6.

M'dziko lomweli nambalayi imasiyana kwambiri. Ku Nsanje, kumene n'kotsika, madzi amawira pafupi kwambiri ndi 100 °C. M'mbali mwa nyanja ya Malawi amawira cha pa 98 °C. Pansonga ya Sapitwa, paphiri la Mulanje, pamene ndi mamita 3,002, pulesha ili pafupi ndi 70 kPa ndipo madzi amabwata pa 90 °C. Powerengera mwachidule, mamita 300 aliwonse amene mwakwera amachotsa pafupifupi digiri imodzi. Kusonkhezera moto sikuthandiza: madzi akayamba kuwira mumphika wotsegula, moto wowonjezerawo umangopanga nthunzi yambiri koma kutentha kumakhala pomwepo. Nyemba zimapsa ndi kutentha, osati ndi kubwata, ndiye kumapiri zimadya nkhuni zambiri.

Pali msampha umodzi pano. Nambala ya pulesha imene imapezeka pa malipoti a zanyengo, monga 1013 hPa, nthawi zambiri imakhala itakonzedwa kuti ikhale ngati malowo ali m'mbali mwa nyanja yamchere, kuti mizinda ya pamtunda ndi ya kuchigwa iyerekezedwe bwino. Mukaitenga n'kupita nayo pachithunzi, Lilongwe ikupatsani 100 °C. Chimene chikufunika ndi pulesha yeniyeni ya pamalopo.

Ndawerenga mosamala koma yankho langa likusiyana ndi la m'buku ndi madigiri oposa 10. Ndalakwitsa pati?

Yang'anani nambala za pamzere wam'mbali. Ngati zikuyenda 1, 10, 100, 1,000 pa mipata yofanana, sikeloyo ndi yochulukitsa, osati yophatikiza. Ojambula amachita dala chifukwa chithunzi cha madzi chiyenera kuonetsa 0.6 kPa ndi 22,000 kPa papepala limodzi, ndipo pa sikelo wamba nambala zing'onozing'ono zonse zikanaunjikana pansi.

Pa sikelo yotereyi, pakati penipeni pa 10 ndi 100 si 55 ayi. Ndi pafupifupi 32, chifukwa 10 kuchulukitsa ndi 3.16 kumapereka 31.6, ndipo 31.6 kuchulukitsanso ndi 3.16 kumapereka 100. Tsono tinene kuti mwafunsidwa za 55 kPa ndipo mwaika lula pakati. Mzere wanu udula mzere wa kuwira pa 70 °C, pamene yankho lolondola la 55 kPa lili pafupi ndi 84 °C. Mwatayika ndi madigiri 14 popanda kulakwitsa china chilichonse. Malo enieni a 55 ali pafupi ndi magawo atatu mwa anayi a mpatawo kuchokera pa 10. Zothandiza kukumbukira ndi izi: 20 imakhala pa magawo 3 mwa 10 a mpata, ndipo 50 pa magawo 7 mwa 10.

Chachiwiri choyang'ana ndi miyeso. Chithunzi china chimalemba kutentha mu K, ndipo pamenepo kuwira kwa pa 100 °C kumaoneka ngati 373, chifukwa K = °C + 273.15. Pulesha nayo imalembedwa mosiyanasiyana: 1 atm ndi 101.325 kPa, 1 bar ndi 100 kPa, ndipo 1 MPa ndi 1,000 kPa. Kusokoneza atm ndi bar sikupweteka kwenikweni, kumangosuntha yankho ndi gawo la digiri. Kusokoneza kPa ndi MPa kumakuponyani m'chigawo china.

Chachitatu: zithunzi zambiri za m'mabuku a sekondale sizinajambulidwe ndi sikelo n'komwe. Ndi zojambula zongosonyeza maonekedwe, ndipo wojambula amapendeketsa mzere wa kusungunuka mokokomeza kuti muone kuti wapendekera kumanzere. Mungazizindikire poona kuti m'mbali mwake muli nambala zitatu kapena zinayi zokha, popanda timizere ta pakati. Pachithunzi chotere werengani nambala zolembedwazo ndi mbali imene zinthu zikulowera, koma lula musaikhulupirire.

Poto wa pulesha walembedwa 100 kPa. Ndikapita pa 100 kPa pachithunzi ndikupeza 100 °C. Phindu lake lili pati tsono?

Nambala ya papoto, monganso ya pa geji ya boyila kapena ya tayala, imanena za pulesha yowonjezera pamwamba pa ya mpweya wakunja. Geji ikakhala panja osalumikizidwa ku chilichonse imaloza pa 0, chikhalirecho mpweya ukuipanikiza. Chithunzi chathu chimawerengera kuchokera pamene palibe mpweya ngakhale pang'ono. Ndiye musanatenge lula, phatikizani ziwirizo: pulesha ya pa geji ndi pulesha ya mpweya wa pamalopo.

M'mbali mwa nyanja yamchere ndi 100 + 101 = 201 kPa, ndipo mzere wa kuwira mumaudula pa 120.4 °C. Poto yemweyo ku Lilongwe ndi 100 + 89 = 189 kPa, pafupifupi 118.4 °C. Taonani kuti mtunda umene unachotsa madigiri atatu ndi theka mumphika wotsegula wachotsa madigiri awiri okha m'poto wotseka, chifukwa kumtunda kuno mzere waimirira kwambiri.

Kukhitchini madigiri awiri si nkhani. Kuchipatala ndi nkhani. Makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi amagwira ntchito pa 121 °C, imene pachithunzi ili pafupi ndi 205 kPa. Kumalo otsika, geji ikaloza cha pa 103 kPa ndiye kuti mwafika. Kumalo okwera, geji yomweyo ikaloza nambala yomweyo, m'katimo simunafike pa 121 °C. Palinso china: mgwirizano wa pulesha ndi kutentha umene uli pamzerewu ndi wa nthunzi yokhayokha. Mpweya ukatsalira m'makinamo, nawonso umakankha geji, ndipo geji imaonetsa pulesha yokwanira pamene nthunzi ndi yochepa ndipo kutentha n'kotsika. Ndiye chifukwa chake mpweya umayamba watulutsidwa, ndipo wogwira ntchito wosamala amayang'ana geji ndi choyezera kutentha pamodzi. Ziwirizo zikapanda kugwera pamzere wa kuwira, chinachake chavuta.

Kumbali inayo, mafakitale a shuga amachita zosiyana: amapopa mpweya kuti pulesha itsike, madzi a nzimbe awire pa kutentha kochepa, shuga asapserere.

N'chifukwa chiyani mzere wa kusungunuka wapendekera kumanzere?

Chifukwa ayisi amatenga malo aakulu kuposa madzi amene anamupanga. Lita imodzi ya madzi ozizira imalemera pafupifupi magalamu 1,000, pamene ayisi wodzaza malo omwewo amalemera magalamu 917. Amene anaiwalapo botolo lodzaza mufiliji n'kulipeza litatupa kapena litang'aluka anaona zimenezi ndi maso: madzi akaundana amakula ndi magawo 9 pa 100 aliwonse. Tsono pulesha imakondera chimene chikutenga malo ochepa. Mukafinya ayisi amene ali pafupi kusungunuka, mukumukankhira ku madzi, ndipo kuti akhalebe ayisi pafunika kuzizira kowonjezereka. Zinthu zina zambiri zimachepa zikaundana, ndipo mizere yawo imapendekera kumanja. James Thomson anawerengera khalidwe la madzili mu 1849, ndipo m'bale wake William, amene anadzatchedwa Kelvin, analitsimikiza poyesa mu 1850.

Koma kupendekerako n'kochepa zedi. Pulesha ikawonjezeka ndi 1 atm, kusungunuka kumatsika ndi 0.0074 °C yokha. Kuti kutsike ndi digiri imodzi yathunthu pamafunika pafupifupi 13.5 MPa, kuposa 130 atm.

Tiyeni tiyese mizere iwiriyi pamalo amodzi. Nyanja ya Malawi pamalo ake ozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700. Mamita 10 aliwonse a madzi amawonjezera pafupifupi 98 kPa, ndiye pansipo pali 70 × 98 = 6,860 kPa. Phatikizani mpweya wa pamwamba pa nyanja, pafupifupi 96 kPa, ndipo mwatsala pang'ono kufika pa 7 MPa. Jambulani mzere wopingasa pa 7 MPa. Mzere wa kusungunuka mukuudula pa −0.5 °C, popeza 7 ÷ 13.5 ndi theka. Mzere wa kuwira mukuudula pa 286 °C. Pulesha imodzi yomweyo yasuntha malire akumanzere ndi theka la digiri, ndipo akumanja ndi madigiri 186.

Kodi pulesha ikamakulirakulira, kusungunuka kuzingotsikabe?

Ayi. Kumatsika mpaka pafupifupi −22 °C, pa 210 MPa. Kupitirira apo, tizigawo ta madzi timaundana mwa dongosolo lina lothithikana, ndipo ayisi wotulukapo amalemera kuposa madzi. Mzere umatembenukira kumanja, ndipo pulesha ikaposa 2,200 MPa pamakhala ayisi amene sasungunuka ngakhale pa 80 °C. Percy Bridgman wa ku Harvard ndiye anafufuza zigawo zambiri za kumtundaku, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1912. Zithunzi za kusukulu zimalekeza pansi kwambiri pa malo amenewa, choncho musautalikitse nokha mzerewo kupitirira pamene wojambula analekezera.

Nanga mzere wanga wopingasa ukadula mzere umodzi wokha?

Zimachitika pawiri, pansi ndi pamwamba.

Mizere itatu ija imakumana padontho limodzi, mphambano ya patatu, pa 0.01 °C ndi 611.7 Pa, kapena kuti 0.61 kPa. Pokhapo m'pamene ayisi, madzi ndi nthunzi zingakhale pamodzi mokhazikika. Donthali silisuntha, moti kuyambira mu 1954 mpaka mu 2019 muyeso wa K unkatanthauziridwa kuchokera pa ilo, pa 273.16 K. Mukamatsitsa pulesha kulowera pamenepa, chigawo cha madzi chimapanikizika. Pa 10 kPa madzi amakhalapo kuchokera pa 0 mpaka 46 °C. Pa 1 kPa amakhalapo kuchokera pa 0 mpaka 7 °C basi. Pa 0.61 kPa mpatawo watsekeka.

Pansi pa mphambano, funso lakuti madzi akuwira pa madigiri angati lilibe yankho, ndipo kunena zimenezo ndiko kuyankha molondola. Jambulani mzere pa 100 Pa: muchoka m'chigawo cha ayisi n'kulowa m'chigawo cha nthunzi pafupi ndi −20 °C, osaponda m'madzi. Ayisi akusanduka nthunzi mwachindunji. Opanga mankhwala ena ndi khofi wina wosungunula amaumitsa katundu wawo motere: amamuundanitsa, kenako amapopa mpweya mpaka pulesha itsike pansi pa mphambano, ndipo madzi amachoka katunduyo asananyowe n'komwe.

Kumtunda, mzere wa kuwira uli ndi mathero ake, pa 374 °C ndi 22.06 MPa, pafupifupi 218 atm. Mukamakwera ndi mzerewu, madzi amapepukirapepukira chifukwa cha kutentha, pamene nthunzi imalemerabe chifukwa cha kufinyidwa, mpaka pa donthali ziwirizo zafanana ndipo palibenso cholekanitsa. Mzere wopingasa wa pa 25 MPa udula mzere wa kusungunuka cha pa −2 °C, kenako udutsa pamwamba pa matherowo osagunda kanthu. Madzi asintha pang'onopang'ono kukhala chinthu chonga nthunzi, popanda matuza. Malo ena akuluakulu opangira magetsi ndi malasha amayendetsa maboyila awo pa pulesha yotereyi.

Ngati pa 25 °C ndi 101 kPa dontho lili m'chigawo cha madzi, zovala zimauma bwanji pachingwe?

Funsoli limasokoneza anthu ambiri, ndipo likuonetsa kuti mzere wam'mbali umawerengedwa pawiri. Pa nkhani ya kuwira, pulesha yofunika ndi yonse imene ikufinya thuza, kaya ikuchokera ku mpweya kapena ku china. Pa nkhani ya kuuma, yofunika ndi gawo lokhalo la pulesha limene likuchokera ku nthunzi imene ili kale mumpweyamo. Pa 25 °C mzere wa kuwira uli pa 3.2 kPa. Ngati nthunzi ya mumpweya ikukankha ndi 1.3 kPa yokha, monga tsiku louma, dontho lake lili pansi pa mzere, m'chigawo cha nthunzi, ndipo madzi a pamalaya azichoka pamwamba pokha, mwakachetechete. M'dzinja mvula ikamavumba, nthunzi ya mumpweya imayandikira 3.2 kPa, ndipo malaya amatha tsiku lonse ali chinyowere.

Mame nawo amawerengedwa pamzere womwewu. Tengani mpweya wokhala ndi nthunzi ya 1.3 kPa, yendani kumanzere pamene usiku ukuzizira, ndipo mugunda mzerewo pafupi ndi 11 °C. Udzu ukazizira kufika pamenepo, mame amayamba.

Kodi pali zimene chithunzichi sichingandiuze?

Ndi chithunzi cha madzi opanda chosungunukamo. Mchere kapena shuga amasuntha mizere yonse iwiri: kuundana kumatsika, kuwira kumakwera. Madzi a m'nyanja yamchere amaundana pa −1.9 °C. Mchere wa m'ndiwo ndi wochepa moti kuwira kumakwera ndi kachigawo chabe ka digiri, koma mafilizesi otsekemera amachedwa kulimba poyerekeza ndi madzi wamba mufiliji imodzi, ndipo shuga ali m'gulu la zochititsa.

Sichinenanso za nthawi kapena za moto umene ukufunika. Papepala, kudutsa mzere kuli ngati kulumpha kamzere ka pensulo, koma mumphika ndi ntchito yaikulu. Kusungunula kilogalamu imodzi ya ayisi pa 0 °C kumafuna 334 kJ. Kutenthetsa madziwo kuchoka pa 0 kufika pa 100 °C kumafuna pafupifupi 420 kJ. Kuwasandutsa onse nthunzi pa 100 °C kumafuna 2,257 kJ, kuposa kasanu zimene zinafunika kuti achoke pa 0 °C n'kufika powira, ndipo nthawi yonseyo dontho lanu limakhala litaima pamzere osasuntha.

Ndipo chimanena za madzi amene akhazikika, pamene madzi enieni nthawi zina amachedwa kumvera. Madzi oyera kwambiri m'botolo losalala angazizire kupitirira 0 °C osaundana, chifukwa ayisi amafuna poyambira, monga kafumbi kapena kachidutswa ka ayisi wina. Mukaligwedeza botololo, madzi amaundana mukuona. Kumanja nako zimachitika: madzi otenthetsedwa m'kapu yosalala mu uvuni wa mayikulowevu angapitirire pamene amawirira popanda thuza lililonse, kenako n'kufufuma mwadzidzidzi mukathiramo shuga kapena kuviikamo supuni, ndipo anthu amapsa nawo m'manja ndi kumaso. Choncho mukamayesa chipangizo choyezera kutentha, mbali yodalirika ndi ya kusungunuka, chifukwa ayisi sachedwa kusungunuka monga madzi amachedwera kuundana. Phwanyani ayisi wa madzi oyera, mudzaze m'kapu, thirani madzi pang'ono, takasani, ndipo dikirani mphindi zingapo. Chipangizocho chiyenera kuloza pa 0 °C kaya muli ku Nsanje kapena pa Sapitwa. Chimene chipangizocho chaloza m'madzi owira chiyerekezeni ndi nambala imene mwapeza pachithunzi pa pulesha ya kwanuko.